Mwaona mtengo wina, mwalipira wina: kawerengedwe ka chiwongoladzanja cha pakati pogula giliti

Chaka chino chokha abale anayi anditumizira chithunzi cha risiti yawo yogulira giliti, ngongole ya boma la Britain, ndi funso lofanana: "Ndinaona mtengo wa 99.50, nanga bwanji andidula ngati mtengo ndi 100.66? Kodi andibera?" Mmodzi anali atalemba kale kalata yodandaula ku kampani yomwe amagulirako. Ndayankha pafoni, ndayankha potuluka m'tchalitchi, ndayankhanso pamaliro. Lero ndilemba kamodzi, kuti wofunsa aliyense ndizingomutumizira izi.

Sanakubereni. Ndalama yoonjezerayo si chindapusa, si msonkho, ndipo siyapita m'thumba la kampani yogulitsa. Mwamulipira munthu amene wakugulitsani, chifukwa ndi yake, ndipo idzakubwererani pa tsiku la kuponi, lomwe boma limalipira chiwongoladzanja. Chomwe ndikufuna n'chakuti muzitha kuwerengera nokha mpaka peni yomaliza.

Ndigwiritsa ntchito magiliti, omwe ndi mabondi a boma la Britain, chifukwa ndi amene abale okhala kuno ku Britain amagula ndipo malamulo ake ndi olembedwa poyera. Bondi ndi ngongole: inu mwabwereketsa boma ndalama, boma likukupatsani chiwongoladzanja pa masiku oikika, ndipo pa tsiku lomaliza likubwezerani ndalama yolembedwa pa bondiyo. Chiwongoladzanja cholipidwa pa masiku oikikacho ndiye kuponi. Magiliti amalipira kuponi kawiri pachaka, ndipo amene amawagulitsa m'malo mwa boma ndi ofesi ya Debt Management Office.

Ganizirani nyumba ya lendi. Wolowamo amalipira kumapeto kwa mwezi, ndipo amapereka ndalama yonse kwa amene ali mwini nyumba tsiku limenelo. Inu mwagula nyumbayo pa 20. Pa 30 lendi yonse ibwera kwa inu, koma masiku 20 oyambawo nyumba inali ya mnzanu. Chilungamo n'chakuti pogulapo mumupatsiretu lendi ya masiku akewo, pamwamba pa mtengo wa nyumba. Boma nalonso siligawa kuponi pakati pa anthu awiri. Limapereka yonse kwa amene dzina lake lili m'kaundula, choncho kugawanako kumachitika pa tsiku la malonda.

Pa foni kapena pa risiti mudzaona mawu atatu. `Clean price` ndi mtengo wa giliti payokha, popanda chiwongoladzanja cha masiku apitawo. Ndiwo umalengezedwa pamsika, ndipo pano ndiziutchula mtengo wolengezedwa. `Accrued interest` ndi chiwongoladzanja chomwe chaunjikana kuchokera pa kuponi yapita. `Dirty price` ndi ziwirizi kuphatikiza, ndalama yeniyeni yotuluka m'thumba, ndipo ndiziutchula mtengo wolipira. Mawu achizunguwo asakuopseni, mulibe zachinyengo kapena zauve mmenemo.

1. Pezani zinthu zinayi musanagwire makina owerengera

Mukufuna kuponi ya pachaka, masiku awiri olipira kuponi, kuchuluka kwa giliti yomwe mukugula, ndi mtengo wolengezedwa.

Titenge giliti yeniyeni, `4¼% Treasury Stock 2032`. Dzinalo likukuuzani kale kuti kuponi ndi 4.25 pa 100 iliyonse pachaka. Imalipira pa 7 Juni ndi pa 7 Disembala, ndipo idzatha pa 7 Juni 2032. Popeza imalipira kawiri, nthawi iliyonse imapereka theka, lomwe ndi 2.125 pa 100.

Kuchuluka kwa giliti ndi pamene ambiri amayamba kusokonezeka. Pa risiti pamalembedwa `Nominal` kapena `Quantity`. Imeneyi ndi ndalama yomwe boma lidzakubwezereni mu 2032, osati yomwe mukulipira lero. Kuponi amawerengera pa ndalama yolembedwayi. Kaya munagula motchipa kaya modula, mwini giliti ya £10,000 yolembedwa amalandira £212.50 pa kuponi iliyonse. Mukawerengera kuponi pa ndalama yomwe munalipira, zonse zotsatira zilakwika.

Pa chitsanzo chathu tigula £10,000 yolembedwa. Mtengo wolengezedwa tiyerekeze kuti ndi 99.50. Mtengowu ndangousankha kuti masamu aoneke bwino, koma masiku ndi kuponi ndi zenizeni. Mtengo wa giliti amautchula pa £100 iliyonse yolembedwa, choncho 99.50 pa £10,000 ndi £9,950.

2. Dziwani tsiku losinthana, osati tsiku lomwe munadina batani

Malonda a giliti ali ndi masiku awiri. Loyamba ndi tsiku lomwe mwagwirizana mtengo, `Trade date`. Lachiwiri ndi tsiku lomwe ndalama ndi giliti zimasinthana manja, `Settlement date`. Kwa magiliti, mwachizolowezi kusinthanaku kumachitika tsiku limodzi la ntchito pambuyo pa malonda. Chiwongoladzanja amawerengera mpaka tsiku losinthanali, chifukwa kufikira pamenepo giliti ikadali ya wogulitsa.

Mawu oti "la ntchito" ndiwo ofunika. Tinene kuti mwagula Lachisanu pa 12 Sepitembala 2025. Loweruka ndi Lamlungu msika sugwira, ndiye kusinthana kuchitika Lolemba pa 15 Sepitembala. Chiwongoladzanja chilibe Loweruka kapena Lamlungu, chimaunjikana tsiku lililonse, ndipo cha masiku atatuwo ndi cha wogulitsa. Ambiri mwa amene anandiuza kuti masamu awo sakugwirizana ndi risiti pang'ono chabe anali atawerengera mpaka Lachisanu. Kukakhala tchuthi cha boma Lolemba, kusinthana kumapita Lachiwiri. Musaganizire, yang'anani pa risiti, tsikulo limalembedwa.

3. Werengani masiku

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa olemba ambiri amangoti "werengani masiku" n'kupitirira, pomwe zolakwika zonse zili pomwepa. Mukufuna manambala awiri: masiku omwe apita kuchokera pa kuponi yomaliza, ndi masiku onse a nyengo ya kuponi imene tilimoyi.

Yambani ndi masiku apita. Kuponi yomaliza inali pa 7 Juni 2025. Musathamangire kunena kuti miyezi itatu ndi sabata imodzi. Tengani kalendala, muwerenge mwezi ndi mwezi. Kuchokera pa 7 Juni kufika pa 30 Juni ndi masiku 23. Julayi yense ndi 31. Ogasiti yense ndi 31. Sepitembala mpaka pa 15 ndi 15. Kuphatikiza, 23 ndi 31 ndi 31 ndi 15, tapeza masiku 100.

Samalani ndi masiku a kumapeto awiriwo. Mumawerenga limodzi lokha, osati onse awiri. Wogulitsa anali mwini pa 7 Juni, koma pa 15 Sepitembala mwini ndinu. Ndi chimodzimodzi kuwerenga mausiku omwe mlendo wagona pakhomo: wafika Lolemba, wachoka Lachitatu, wagona kawiri. Mukawerenga masiku onse awiri mupeza 101, ndipo mukasiya onse awiri mupeza 99. Ngati masamu anu akusiyana ndi risiti ndi ndalama ya tsiku limodzi ndendende, vuto lili apa.

Palinso msampha wina pa chaka chimenechi. Pa 7 Juni 2025 linali Loweruka, kotero ndalama ya kuponi inalowa m'maakaunti Lolemba pa 9 Juni. Munthu akayang'ana pa sitetimenti yake aona 9 Juni n'kuyambira pamenepo. Ayi. Kuwerenga kumayambira pa tsiku loikika la kuponi, pa 7, ngakhale ndalamayo ilowe mochedwa ndi masiku awiri chifukwa cha mapeto a sabata.

Tsopano nambala yachiwiri, masiku onse a nyengoyi, kuchokera pa 7 Juni kufika pa 7 Disembala. Njira yosavuta ndi kudumpha kuchokera pa 7 wa mwezi uno kufika pa 7 wa mwezi wotsatira, ndipo kudumpha kulikonse ndi kutalika kwa mwezi womwe mukuchokera. Juni 30, Julayi 31, Ogasiti 31, Sepitembala 30, Okutobala 31, Novembala 30. Zonse pamodzi ndi 183.

Nambala imeneyi siikhala yomweyo nthawi zonse, ndipo ichi ndicho anthu sakhulupirira mpaka atawerenga okha. Nyengo ya m'mbuyo mwake, kuchokera pa 7 Disembala 2024 kufika pa 7 Juni 2025, inali ndi masiku 182, chifukwa munali Febuluwale wa masiku 28. Kuponi ndi yofanana, £212.50, koma ikugawidwa pa masiku ochepa, ndiye ya tsiku limodzi imakwererako pang'ono. Magiliti ena, malinga ndi miyezi yawo, amakhala ndi nyengo ya masiku 181 kapena 184. Musaloweze nambala imodzi n'kumaigwiritsa ntchito chaka chonse.

Kawerengedwe kameneka, masiku enieni apita kugawa ndi masiku enieni a nyengo, kamalembedwa `Actual/Actual`. Magiliti akhala akutsata njirayi kuyambira Novembala 1998, ndipo mabondi a boma la America amatsatanso yomweyi. Koma si bondi iliyonse padziko imatero, ndipo n'chifukwa chake munthu amene anaphunzira zamabanki kwina amatha kupeza yankho losiyana ali ndi chikhulupiriro chonse kuti walondola. Mabondi a boma la South Africa amatenga kuponi ya chaka chonse n'kugawa ndi 365. Mabondi a makampani ku America amayesa mwezi uliwonse ngati wa masiku 30 ndi chaka ngati cha masiku 360, zolembedwa `30/360`. Tiona pansipa kusiyana komwe zimabweretsa.

4. Pezani chiwongoladzanja chounjikana

Tengani kuponi ya theka la chaka, chulukitsani ndi masiku apita, gawani ndi masiku a nyengo.

```
2.125 × 100 ÷ 183 = 1.161202
```

Imeneyi ndi pa £100 iliyonse. Pa £10,000 yolembedwa muli ma 100 okwana 100, choncho ndi £116.12. Musadule manambala a pambuyo pa kadontho msanga. Mukasandutsa 1.161202 kukhala 1.16 musanachulukitse, mupeza £116.00, ndipo mapeni 12 asowa. Pa giliti ya £100,000 kusowako kukhala kopitirira paundi.

Ndimakonda kuti munthu adziwenso ya tsiku limodzi, chifukwa ndiyo muyezo wopezera cholakwika. £212.50 kugawa ndi 183 ndi pafupifupi £1.16 patsiku. Amene anawerengera mpaka Lachisanu, masiku 97, apeza £112.64, kuperewera ndi £3.48, yomwe ndi masiku atatu ndendende. Amene anagawa 4.25 ndi 365 apeza £116.44, kupitirira ndi mapeni 32. Amene anatsata miyezi ya masiku 30 awerenga masiku 98 pa 180, n'kupeza £115.69. Onani kuti kusiyana kwa njira ziwiri zomalizazi sikukwana ndalama ya tsiku lathunthu. Choncho ngati mwasiyana ndi risiti ndi £1.16, £2.32 kapena £3.48, mwalakwitsa masiku. Ngati mwasiyana ndi mapeni ochepa osakwana tsiku, mwatenga njira yowerengera ya bondi ina.

5. Phatikizani

```
99.50 + 1.161202 = 100.661202
£9,950.00 + £116.12 = £10,066.12
```

Ndiye 100.66 ija mbale wanga anaiona. Pamwamba pake pangabwere ndalama yomwe kampani imadula pa ntchito yake, yolembedwa payokha ngati `Commission` kapena `Dealing charge`. Imeneyo ndiyo ndalama yokhayo yomwe yapitadi osabwerera. Pa magiliti palibe msonkho wa sitampa womwe umadulidwa pogula masheya.

Cholakwika chomwe chimachitika pano ndi cha bajeti. Munthu ali ndi £10,000 mu akaunti, waona 99.50, akuti ndalama ikwana n'kutsalako. Oda ikukanidwa, iye osamvetsa. Pofuna kudziwa kuchuluka komwe mungagule, gawani ndalama yanu ndi mtengo wolipira, osati wolengezedwa. £10,000 kugawa ndi 1.00661202 ikupereka pafupifupi £9,934 yolembedwa, ndipo apo simunachotse ya kampani ija.

Nanga £116.12 ibwerera bwanji? Kuponi ya 7 Disembala idzabwera yonse kwa inu, £212.50, ngakhale mwakhala ndi giliti masiku 83 okha. Chotsanipo £116.12 yomwe munapereka kale, kutsala £96.38. Chulukitsani masiku 83 ndi £1.1612, mupeza £96.38 yomweyo. Mwalandira chiwongoladzanja cha masiku anu, osapitirira, osaperewera. Apa ndimachenjezanso amene amasangalala kuti agula patatsala mwezi umodzi kuponi isanatuluke, akuganiza kuti atola ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi mwaulere. Palibe chomwe atola. Miyezi isanuyo anailipira kale tsiku logula.

6. Onani ngati simunalowe m'masiku otseka kaundula

Zonse ndanena pamwambapa zimagwira ntchito pafupifupi chaka chonse, koma pali masiku ochepa kuponi isanatuluke pomwe masamu amatembenuka. Ndi gawo lomwe limasokoneza ngakhale anthu ogwira ntchito kubanki.

Kuti boma lilipire kuponi, liyenera kudziwiratu amene alandire. Choncho kaundula wa eni magiliti amamujambula masiku asanu ndi awiri a ntchito tsiku la kuponi lisanafike. Tsiku limenelo limatchedwa `Ex-dividend date`. Malonda omwe asinthana pa tsikulo kapena lisanafike, kuponi ipita kwa wogula. Malonda omwe asinthana pambuyo pake, kuponi yonse ipita kwa wogulitsa, chifukwa dzina lake ndilo linajambulidwa.

Tiwerenge pa giliti yathu. Pa 7 Disembala 2025 ndi Lamlungu. Kubwerera m'mbuyo masiku a ntchito okhaokha: Lachisanu pa 5, Lachinayi pa 4, Lachitatu pa 3, Lachiwiri pa 2, Lolemba pa 1, Lachisanu pa 28 Novembala, ndipo lachisanu ndi chiwiri ndi Lachinayi pa 27 Novembala. Onani kuti masiku asanu ndi awiri a ntchito asanduka masiku khumi a pakalendala.

Tsopano tinene kuti mwagula Lolemba pa 1 Disembala, kusinthana Lachiwiri pa 2. Kuponi ya Disembala simulandira. Wogulitsa alandira £212.50 yonse, koma masiku asanu omaliza, kuyambira pa 2 kufika pa 7, giliti ndi yanu. Nkhani ya lendi ija yatembenuka: tsopano mwini wakale ndiye alandire lendi yonse, ndiye iyeyo akupatsireni ya masiku anu. Amatero pokuchotserani pamtengo.

```
2.125 × 5 ÷ 183 = 0.058060
£9,950.00 − £5.81 = £9,944.19
```

Pa risiti chiwongoladzanjacho chioneka ndi kamzere kochotsa kutsogolo, kapena pansi pa mawu oti `Rebate interest`. Mtengo wolipira pano ndi wotsika kuposa wolengezedwa. Masiku omwe mukuwerenga si apita aja ayi, ndi otsala kufika pa kuponi. Nambala yogawira ikadali 183.

Mayi wina anandiimbira pa nkhani yotereyi, mawu akunjenjemera, kuti kuponi yake siinalowe pomwe anzake onse alandira. Titayang'ana risiti tinapeza kuti anagula kaundula atatseka kale, ndipo ya masiku ake anali atamuchotsera pogula. Sanataye kanthu, koma ndalama yomwe ankayembekezera kutumiza kumudzi mwezi umenewo panalibe, ndipo kuponi yake yoyamba inali patali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mukugula n'cholinga choti kuponi ikuthandizeni pa tsiku linalake, yang'anani tsiku lotseka kaundula musanagule.

Masiku amenewa ndi amenenso amaonetsa bwino chifukwa chake msika umalengeza mtengo wopanda chiwongoladzanja. Malonda osinthana pa 27 Novembala ali ndi masiku 173 apita, ndiye wogula awonjezera £200.89. Malonda osinthana tsiku lotsatira, pa 28, wogula amuchotsera ya masiku 9, yomwe ndi £10.45. Mtengo wolipira wagwa ndi £211.34 usiku umodzi, popanda chilichonse chochitika pa chuma cha dziko. Mukadaujambula papepala, mtengo wolipira ukadaoneka ngati mano a sowo: kukwera pang'onopang'ono miyezi isanu ndi umodzi, kugwa kamodzi, kuyambanso. Munthu woyang'ana mzere wotero sangadziwe ngati giliti yatsikadi kapena kaundula wangotseka. Mukachotsamo chiwongoladzanja chounjikana, manowo amachoka, n'kutsala kusintha kwenikweni kobwera chifukwa cha msika. Pofananitsa mtengo wa lero ndi wa mwezi watha, gwiritsani ntchito wolengezedwa. Powerengera ndalama ya m'thumba, gwiritsani ntchito wolipira.

7. Tsimikizirani pa kompyuta, koma mutawerenga kale pamanja

Mu Excel mungapeze manambala awiri aja motere:

```
=COUPDAYBS(DATE(2025,9,15),DATE(2032,6,7),2,1)
=COUPDAYS(DATE(2025,9,15),DATE(2032,6,7),2,1)
```

Woyamba apereka 100, wachiwiri 183. Tsiku loyamba ndi losinthana, lachiwiri ndi lomwe giliti idzathe, 2 akutanthauza kuponi kawiri pachaka, ndipo 1 womalizayo ndiye akuuza kompyuta kuti iwerenge masiku enieni. Mukaiwala 1 ameneyu, Excel siidandaula. Ingotenga `30/360` mwakachetechete n'kukupatsani 98 ndi 180. Dziwaninso kuti Excel siidziwa za kutseka kaundula, choncho m'masiku amenewo idzakuuzani kuti muwonjezere ndalama pomwe mukuyenera kuchotseredwa. Ndipo `PRICE`, yomwe imawerengera mtengo wa bondi mu Excel, imapereka mtengo wolengezedwa, osati wolipira.

8. Pogulitsa, patulani phindu lanu pawiri

Mukamagulitsa, inu ndinu mulandire chiwongoladzanja chounjikana. Tinene kuti giliti yomwe munagula ija mwaigulitsa, kusinthana pa 15 Okutobala 2025, ndipo mtengo wolengezedwa watsika kufika pa 99.30. Masiku apita kuchokera pa 7 Juni tsopano ndi 130, osati 30. Mumawerengabe kuchokera pa kuponi yomaliza, osati pa tsiku lomwe munagula. 2.125 kuchulukitsa ndi 130 kugawa ndi 183 ndi 1.509563, ndiye £150.96. Mulandira £9,930 kuphatikiza £150.96, zonse £10,080.96.

Munalipira £10,066.12, mwalandira £10,080.96, mwapindula £14.84. Koma nambala imeneyi ikubisa zinthu ziwiri. Chiwongoladzanja cha masiku anu 30 ndi £150.96 kuchotsa £116.12, yomwe ndi £34.84. Pa mtengo wa giliti payokha mwaluza £20. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'kufananitsa mtengo wolipira wa tsiku logula ndi mtengo wolengezedwa wa lero. Munthu aona 100.66 pa risiti, aona 99.30 pa foni, n'kuganiza kuti waluza £136. Ena agulitsa mwamantha chifukwa cha masamu amenewa. Fananitsani wolengezedwa ndi wolengezedwa, kapena wolipira ndi wolipira.

Kupatula kumeneku kuli ndi ntchito pa msonkho. Ku Britain munthu wamba salipira msonkho pa phindu lobwera chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa giliti, koma chiwongoladzanja chimawerengedwa ngati ndalama yolowa. Pakadapanda lamulo, anthu bwenzi akugulitsa kuponi isanatuluke n'kumati zonse ndi phindu la mtengo. Lamulo lotseka mpata umenewu limatchedwa Accrued Income Scheme, ndipo limakhudza amene mabondi awo onse pamodzi apitirira £5,000 yolembedwa. Pansi pa lamuloli, chiwongoladzanja chomwe wogulitsa walandira pamtengo chimawerengedwa ngati chiwongoladzanja, ndipo wogula amachotsa pa kuponi yake yoyamba chiwongoladzanja chomwe analipira pogula. Pa chitsanzo chathu, ngati munasunga giliti mpaka Disembala, ndalama yoti muiwerengere msonkho ndi £96.38, osati £212.50. Ambiri amalemba £212.50 yonse chifukwa ndiyo ikuoneka pa sitetimenti, n'kulipira msonkho pa ndalama yawo yomwe. Sungani risiti yogulira, ndiyo umboni wanu. Ngati giliti ili mu akaunti ya ISA, yosungiramo ndalama popanda kudulidwa msonkho, nkhani ya msonkhoyi siikukhudzani.

Pali mitundu iwiri ya magiliti pomwe masamu apamwambawa sakwanira paokha. Giliti yomwe dzina lake lili ndi `Index-linked` imasintha kuponi motsata kukwera mitengo kwa zinthu, kotero pali nambala ina yochulukitsira. Giliti yongotuluka kumene imatha kukhala ndi nyengo yoyamba yaifupi kapena yaitali kuposa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kuwerenga kumayambira pa tsiku lomwe inatuluka. Mukakumana ndi zimenezi, tsegulani chikalata cha giliti imeneyo.

Abale a kumudzi amandifunsanso ngati izi zikuwakhudza. Ngongole za boma zazifupi zomwe Reserve Bank of Malawi imagulitsa, za masiku 91, 182 ndi 364, zilibe kuponi. Mumagula motsika n'kudzalandira ndalama yonse pamapeto, choncho palibe chiwongoladzanja chounjikana choti muwonjezere. Koma ngongole zazitali, za zaka ziwiri kupita mtsogolo, zili ndi kuponi, ndipo mukagula pakati pa makuponi awiri nkhani ndi yomweyi. Chosintha ndi malamulo a masiku. Musanalipire, funsani banki kapena kampani yomwe ikukugulirani mafunso anayi: mtengo mwanditchulirawu uli ndi chiwongoladzanja kale kapena ayi, tsiku losinthana ndi liti, masiku mukuwagawa ndi nambala iti, ndipo kaundula amatseka liti kuponi isanatuluke. Awuzeni alembe mayankhowo pa risiti kapena pa kalata, kenako muwerenge nokha mwezi ndi mwezi monga tachitira pa nambala 3.